Kuwerengera Madzi Otsalira Pakati pa Zipilala

Amene akuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta amakumana ndi funso lina lotchuka la madzi a mvula. Pa LeetCode, pomwe ambiri amayeserapo luso lawo, funsoli ndi nambala 42. Limati: pali zipilala zoima mondandalika, zogundana, zonse zofanana mulifupi koma zosiyana msinkhu. Mvula ikagwa n'kukata, ndi madzi ochuluka bwanji amene atsalire m'mipata?

Tiyerekeze kuti zipilalazo n'za njerwa zosanjikizana, ndipo misinkhu yake kuchokera kumanzere ndi 3, 0, 2, 0, 4, 1, 2. Pomwe pali 0 palibe njerwa iliyonse. Madzi tiziwayeza ndi malo amene njerwa imodzi ingatenge.

Madzi a pamwamba pa chipilala chilichonse amadalira zinthu ziwiri: chipilala chachitali kwambiri kumanzere kwake, ndi chachitali kwambiri kumanja kwake. Pa ziwirizi, chachifupi ndicho chimalamula, chifukwa madzi akapitirira msinkhu wake amasefukira. Taonani chipilala chachitatu, cha njerwa 2. Kumanzere kwake chachitali ndi 3, kumanja ndi 4. Madzi afika pa 3 basi, ndipo tikachotserapo njerwa 2 zomwe zilipo kale, patsala malo a njerwa imodzi.

Munthu angathe kuchita zimenezi pa chipilala chilichonse, kumayang'ana mzere wonse uku ndi uku. Yankho lipezeka ndithu, koma zipilala zikakhala miliyoni, ndiye kuti mzerewo uyang'anidwa kamiliyoni. Njira ya zolozera ziwiri imamaliza ntchitoyo podutsa mzerewo kamodzi kokha.

Zolozerazo zili ngati zala ziwiri: china chimayambira kumanzere, china kumanja, n'kumayandikirana. Chala chilichonse chimakumbukira msinkhu waukulu umene chauona kumbali yake. Nthawi iliyonse timayerekeza zipilala ziwiri zomwe zala zalozapo, n'kugwira ntchito kumbali ya chachifupi. Kumeneko timaona ngati chipilalacho chaposa msinkhu wokumbukiridwa. Ngati sichinapose, kusiyana kwake ndiwo madzi. Tikatero chalacho chimasuntha.

Tiyeni tiyende nazo. Poyamba zala zili pa 3 ndi pa 2. Chachifupi ndi chakumanja, choncho chala chakumanja chikumbukira 2, n'kusunthira pa 1. Apanso 1 ndi wochepa kwa 3, ndipo 2 kuchotsera 1 kutipatsa madzi a njerwa imodzi. Chalacho chifika pa 4, ndipo tsopano chachifupi ndi chakumanzere. Chala chakumanzere chikumbukira 3, kenako chipeza madzi 3 pa 0 woyamba, 1 pa chipilala cha 2, ndi 3 pa 0 wachiwiri. Zala zikumana pa 4, ndipo zonse pamodzi ndi 8.

Nanga tingatsimikize bwanji madzi a mbali imodzi tisanaone za pakati? Chala chimene chaima chimakhala chikuloza chipilala chosachepera msinkhu uliwonse umene chala choyendacho chakumbukira. Ndiye kuti khoma la tsidya linalo lilipo kale, ndipo ndi lokwanira. Ngakhale pakati patapezeka chipilala chachitali motani, madzi sangakwere kuposa khoma la mbali yathu, poti angatayikire komweko.

M'chinenero cha Python, njirayi imalembedwa motere:

```python
def madzi(h):
    l, r = 0, len(h) - 1
    lmax = rmax = onse = 0
    while l < r:
        if h[l] < h[r]:
            lmax = max(lmax, h[l])
            onse += lmax - h[l]
            l += 1
        else:
            rmax = max(rmax, h[r])
            onse += rmax - h[r]
            r -= 1
    return onse
```

Ophunzira amapunthwa kawirikawiri pa malo awiri. Ena amasuntha chala cha mbali yaitali. Pa mzere wa 5, 0, 2, wotero sapeza madzi alionse pakati, pomwe khoma lakumanja likhoza kusunga 2. Ena amawerengera madzi asanakonze msinkhu wokumbukiridwa, ndipo akafika pa chipilala chachitali chatsopano amapeza nambala yochepera 0. Mzere wongokwera, monga 1, 2, 3, umaulula vutoli msanga, chifukwa yankho lake liyenera kukhala 0.

Njirayi ili ndi malire ake. Imagwira pa mzere umodzi wokha, pomwe madzi ali ndi njira ziwiri zothawira. Zipilala zikadzaza bwalo lonse, madzi angatulukire mbali zinayi, ndipo pamafunika njira ina yoyambira m'mphepete mwa bwalolo, pa khoma lalifupi kwambiri.

Musanalembe kanthu pa kompyuta, tengani pepala, lembani 4, 1, 3, 0, 5, muyendetse zala zanu. Mukapeza 8, njirayi mwaimvetsa.