Kodi mumadziwa? Chifukwa chake kopimira mimba sikayankha msanga

Dzira la mayi limakumana ndi umuna m'kanjira kochokera kuthumba la mazira kupita kuchiberekero. Likatero limayenda pang'onopang'ono likugawikana, ndipo limadzikwirira m'khoma la chiberekero pakapita masiku 6 mpaka 10.

Maselo akunja a kamluza kochokera m'dziralo, amene adzakhale nsengwa, ndiwo amapanga homoni yotchedwa hCG, ndipo imayamba kulowa m'magazi a mayi kamluza kakakhazikika. Kachipangizo kopimira mimba kamafufuza homoniyi mumkodzo. N'chifukwa chake mayi akapima patangotha masiku asanu chikhalireni malo amodzi ndi mwamuna, kamaonetsa kuti alibe mimba ngakhale dzira litakumana kale ndi umuna. Ndi bwino kudikira mpaka tsiku losamba litadutsa, n'kupima ndi mkodzo woyamba wam'mawa.

Ntchito ya hCG ndi kuuza thumba la mazira kuti lisaleke kupanga projesiteroni, homoni yosunga khoma la chiberekero kuti lisayoyoke. Apa m'pamene msambo umaimira. Poyamba hCG imawirikiza kawiri pa masiku awiri kapena atatu alionse, n'kufika pachimake cha m'sabata ya 10. Kenaka imatsika, poti nsengwa imakhala itayamba kupanga yokha projesiteroni yokwanira.

Nthawi zina kamluza kamakhazikika m'kanjira kaja. Kopimira kamaonetsabe mimba, koma hCG nthawi zambiri imakwera mozengereza. Mayi akamva kupweteka mbali imodzi ya chinena, kutaya magazi kapena chizungulire, athamangire kuchipatala, chifukwa kanjirako kakaphulika amataya magazi m'kati.