Kujambula ndi foni kuli ngati kukinga madzi a mvula

Azakhali anga amagulitsa zitenje, ndipo masiku ano makasitomala ambiri amayamba afuna kuona chithunzi pa WhatsApp asanakwere minibasi. Foni yawo ndi itel yotsika mtengo. Zithunzi zimene ankatumiza zinali za mbuu, chitenje chofiira chikuoneka ngati chasuluka kale, maluwa ake osadziwika poyambira ndi pothera. Iwo ankati vuto ndi foni. Nditaionetsetsa ndinapeza kuti foniyo ili ndi mlandu wochepa chabe. Choncho ndinalemba kaphunziro ka mphindi 20, kokhala ndi mawu oyankhula ndi zochita pamaso pawo. Ndikukapereka kwa inu amene ana kapena adzukulu anakusiyirani ntchito yophunzitsa akuluakulu kunyumba, kutchalitchi kapena ku banki m'khonde.

Musanayambe, pezani chitenje chimodzi cha maluwa ang'onoang'ono, mpando, ndi nyumba yokhala ndi khonde. Nthawi yabwino ndi m'mawa cha m'ma 8 koloko, kapena madzulo dzuwa litapendeka. Musamangogwira foni ya wophunzirayo popanda chifukwa. Mukamamujambulira, aphunzira zoti inu mumatha, osati zoti iye angathe.

Yambani ndi kagalasi ka kamera. Nenani kuti: "Zakhali, tembenuzani foni, muone kagalasi aka. Pendeketsani pang'ono kuti kawale. Mwaona mafutawo?" Aona ndithu, chifukwa foni imakhala m'manja omwe agwira mandasi, m'thumba, kapena pamfundo ya chitenje. Auzeni ajambule kaye osapukuta, kenako apukute ndi ngodya ya nsalu yofewa yoyera, ajambulenso. Ikani zithunzi ziwirizo motsatana. Cha mafuta chimaoneka ngati muli utsi, ndipo ngati muli babu kapena zenera, kuwala kwake kumatuluka michira. Chala sichipukuta, chimangopaka mafutawo bwinobwino. Apa musachedwepo, mphindi ziwiri zakwana.

Tsopano khalani pansi, pakuti apa ndi pamene pagona phunziro lonse. Nenani chonchi: "Mvula ikamagwa pamalata, mzere uliwonse wa lata umatsitsa madzi akeake. Tiyerekeze kuti mwandandalika timakapu pathireyi, kapu iliyonse pansi pa mzere wake, inu mwanyamula thireyiyo. Mvula ikakhala yamphamvu, mumangotulutsa thireyi kamodzi n'kubweza, makapu adzaza kale. Koma ikakhala yowaza ngati ya chiperoni, muima pamenepo mpaka mikono kutopa. Mkono ukatopa thireyi imayenda, madzi a mzere uwu n'kugwera m'kapu ya mnzake."

Mmenemo ndi mmene kamera imagwirira ntchito. Kuseri kwa kagalasi kuli kachipangizo kocheperapo kuposa chikhadabo cha chala chaching'ono, kodzaza ndi timakapu mamiliyoni tokinga kuwala. Kadontho kalikonse ka chitenje kamatumiza kuwala kwake ku kakapu kake. Panja masana kuwala ndi mvula yamphamvu, ndiye foni imatsegula ndi kutseka mwachangu moti dzanja silipeza mpata wonjenjemera. M'nyumba ndi chiperoni. Foni imasiya khomo lotsegula kwa nthawi yaitali kuti makapu adzaze, ndipo m'kanthawi kameneko dzanja likasuntha pang'ono chabe, kufiira kwa duwa kumagwera m'kapu ya tsamba lobiriwira. Mbuu uja ndi ameneyo. Foni yodula kawirikawiri ili ndi thireyi yaikulu yokinga madzi ambiri nthawi imodzi. Yotsika mtengo thireyi yake ndi yaing'ono, choncho mwini wake ayenera kuitengera kumene mvula ikugwa kwambiri.

Musangonena, onetsani. Yalani chitenje pabedi m'chipinda, makatani ali chitsekere monga mwa masiku onse, azakhali ajambule. Kenako tulutsani chitenje chomwecho, muchiyale pampando pakhonde, ajambulenso ataima mtunda womwewo. Tsegulani chithunzi choyamba, mukulitse ndi zala ziwiri mpaka duwa limodzi lidzaze sikirini, muchitenso chimodzimodzi ndi chachiwiri. Pachiwiricho m'mphepete mwa duwa mumakhala mwakuthwa, mwina ngakhale ulusi umaoneka. Pachoyamba mumakhala mopakika.

Ngati wophunzira wanu ndi wokonda manambala, mafoni ambiri a tachi amasunga umboni. Tsegulani chithunzi, mufufuze pamene palembedwa Details. Cha m'chipinda mupeza manambala onga 1/15 ndi ISO 800, cha pakhonde onga 1/500 ndi ISO 100. Nambala yoyamba ndi gawo la sekondi limene khomo linali lotsegula, kutanthauza kuti m'chipinda munanyamula thireyi nthawi yotalika kuposa ka 30 poyerekeza ndi pakhonde. Yachiwiri imakwera foni ikaona kuti makapu sanadzaze n'kuyamba kukokomeza kochepa komwe yapeza. Zili ngati kukweza wailesi pa siteshoni yakutali, mawu amakwera koma kusokosera kumakweranso. N'chifukwa chake zithunzi za usiku zimakhala ndi timadontho ngati mchenga. Azakhali anga za manambalazi analibe nazo ntchito, ndipo sindinawaumirize.

Wina afunsa ndithu kuti, bwanji osangopita padzuwa penipeni poti mvula yambiri ili kumeneko? Muyankheni kuti kapu ikadzaza imasefukira. Dzuwa la 12 koloko limachititsa malo owala a chitenje kuyera mbee, maluwa n'kusowa, pamene m'makwinya mumada bii. Pankhope ya munthu maso amalowa mumthunzi, mwini wake akutsinzinira. Pansi pa mtengo wa mango sipabwinonso kwenikweni, chifukwa dzuwa lodutsa m'masamba limasiya mawangamawanga ngati a nkhanga. Khonde limapambana chifukwa kuwala kumalowa kochuluka koma kofanana paliponse. Tsiku la mitambo nalo ndi labwino, bwalo lonse limasanduka khonde.

Chionetsero chotsatira chimaseketsa anthu, ndiye musachidumphe. Imikani mwana pakhomo la nyumba, azakhali ali mkati akuyang'ana kunja, ajambule. Mwanayo atuluka wakuda ngati chithunzithunzi, kumbuyo kwake kuli ngwee. Foni yaona kuwala kochuluka kwa panja n'kuganiza kuti mvula ndi yamphamvu, yatseka msanga nkhope isanapeze gawo lake. Ndiye nenani kuti: "Sinthanani malo. Inu imani pakhomo, msana wanu uloze panja. Iwe lowa mkati pang'ono, uyang'ane kwa agogo." Ajambulenso, nkhope ioneka. Mawu oti awasunge ndi awa: "Kuwala kuzichokera kumsana kwanu kapena kumbali, kuzigwera pa chimene mukujambula."

Pali nthawi zina pamene simungatuluke panja, monga pamwambo wa m'tchalitchi kapena mvula ikagwa tsiku lonse. Pamenepo chotsala ndi kugwira thireyi osaigwedeza. Imirirani pambali pawo muchite nawo limodzi: "Gwirani ndi manja awiri. Zigongono zigunde m'nthiti. Tulutsani mpweya, ndiye dinani pang'onopang'ono, osati ngati mukupha nsikidzi. Mukadina musatsitse foni, werengani mumtima, wani, thu." Kuwerengako n'kofunika chifukwa mafoni otsika mtengo amachedwa, munthu wadina kale koma chithunzi chikutoledwa pamene foni ili panjira yobwerera m'thumba. Ngati pali khoma, tsamirani. Ngati pali tebulo, khazikani zigongono pamenepo. Mafoni ambiri amalolanso kujambula podina batani lokwezera mawu la m'mbali, zimene zimathandiza anthu a zala zolimba ndi khasu amene sikirini siiwamvera msanga. Ndipo jambulani katatu, musankhe chimodzi, zinazo mufufute.

Za mtunda zimadalira mtundu wa foni, ndiye yesani ya wophunzirayo musanalonjeze kanthu. Pa foni ya tachi, auzeni akhudze sikirini pamalo amene akufuna kuti paoneke bwino. Pakatuluka kabokosi kapena kamkombero, chithunzi n'kusintha pang'ono kenako n'kukhazikika, ndiye kuti kamera yamva, adikire ikhazikike asanadine. Mafoni a mabatani ambiri, ngakhalenso ena a tachi otsika mtengo kwambiri, galasi lawo siliyenda, linaikidwa kuti lizionetsa bwino zinthu za patali pang'ono. Ndi foni yotere, mukayandikitsa kwambiri zinthu zimaipiraipira. Yesani ndi lisiti kapena tsamba la nyuzipepala: jambulani muli pafupi ngati chikhatho chimodzi, kenako mkono umodzi, kenako mubwerere phazi limodzi. Pamene zilembo zatuluka zakuthwa, pamenepo ndiye malire a foniyo, ndipo mwini wake awaloweze pamtima.

Zumu ndiye ndimaletsa ndithu. Pa mafoni awa kukokera chithunzi ndi zala ziwiri musanajambule sikubweretsa chinthu pafupi. Foni imangotaya makapu a m'mbali mwa thireyi n'kutambasula ochepa apakati kuti adzaze sikirini. Nenani mwachidule: "Zakhali, zumu yanu ndi miyendo." Fulashi nayo ndi kandulo chabe, imafika mamita awiri kapena kupitirira pang'ono. Pachitenje chonyezimira imasiya chibanga choyera pakati, ndipo paukwati kwaya imene ili kutsogolo siiwalitsa, imangowalitsa duku la mayi amene wakhala patsogolo panu.

Chotsiriza ndi kutumiza, chifukwa chithunzi chabwino chimatha kuonongekera panjira. WhatsApp imapanikiza zithunzi kuti zisadye bandulo yambiri, ndipo timizere ting'onoting'ono ta chitenje ndi timene timayamba kusowa. Musanatumize, dinani pamene palembedwa HD pamwamba pa chithunzi. Ngati kasitomala akufuna kuona ulusi weniweni, tumizani kudzera pa Document, chifika monga chinatoledwera, kungoti bandulo ipita yochulukirapo. Kwa wongofunsa mtengo, kutumiza wamba kwakwana. Chimene ndimakana ndi kujambula sikirini ya foni ya mnzako, kapena kugwiritsa ntchito chithunzi chimene chadutsa kale m'magulu atatu.

Potseka phunziro, bwezani chitenje m'chipinda, mupake chala pakagalasi dala, muwapatse foni, inu mukhale chete. Azakhali anga anapukuta galasi ndi ngodya ya mpango, ananyamula chitenje ndi mpando kupita pakhonde, anazungulira mpaka kuwala kutachokera kumsana kwawo, anamata zigongono m'nthiti, n'kuwerenga mokweza mpaka kawiri. Anaiwala kukhudza sikirini, ndipo chithunzi choyamba chinaonetsa bwino nkhuku imene inali kumbuyo. Chachiwiri ndi chimene anatumiza. Wanu akalakwitsa chotere, musamulande foni, mungomufunsa kuti akulitse chithunzicho aone yekha pamene pathwa.