Nkhupakupa za pa galu ndi pa ng'ombe

Itana galu wa kwanu. Yang'ana m'makutu mwake, m'khosi ndi pakati pa zala zake. Kodi waona kacirombo kokakamira pa khungu? Imeneyo ndi nkhupakupa.

Nkhupakupa yaikulu ili ndi miyendo 8. Ilibe mapiko. Siuluka ngati udzudzu, ndipo sidumpha ngati utitiri. Imangokwawa. Cakudya cake ndi magazi basi.

Ng'ombe nazo zimakhala ndi nkhupakupa. Abusa a ku Angoniya amazidziwa bwino. Zimakonda malo ofewa: pa bere, m'khwapa ndi pansi pa mcira. Zina ndi za mawangamawanga pamsana.

Nkhupakupa yaikazi imayamwa magazi kwa masiku angapo. Ikakhuta imatupa, nigwa pansi. Pamenepo imaikira mazira zikwizikwi. Mazira aja akaswa, mumatuluka tiana tating'ono ngati mcenga, ta miyendo 6 yokha. Tiana ta nkhupakupa za ng'ombe timabisala mu udzu, kudikira nyama kapena munthu wodutsa. Ta nkhupakupa za galu timabisala m'ming'alu ya khoma, pafupi ndi pogona galu. N'cifukwa cake munthu akhoza kulumidwa ali pakhonde pa nyumba yake.

Zimene zimaluma anthu kawirikawiri ndi zazing'onozo. Poluma sipapweteka, ndiye munthu sadziwa kuti walumidwa.

Nkhupakupa zina zili ndi tizirombo ta matenda m'thupi mwawo. Si zonse ayi. Tizirombo timeneti sitioneka ndi maso. Timalowa mwa munthu pamodzi ndi malovu a nkhupakupa pamene ikuyamwa.

Tiyerekeze mwana amene anapita kokadyetsa ng'ombe Lolemba. Anadutsa mu udzu wautali. Kankhupakupa kanamuluma kuseri kwa bondo, iye osadziwa. Laciwiri anasewera bwinobwino. Lacitatu anapita kusukulu. Koma pofika Lamulungu, thupi linatentha. Mutu ukuwawa, khosi ndi miyendo zikuphwanya. Amayi ake anati: "Awa ndi malungo." Pomusambitsa, anaona kacilonda kuseri kwa bondo. Pakati pake panali nkhanambo yakuda, m'mbali mwake mofiira. M'mphecepece mwa mwendo womwewo munatuluka mwanabele.

Awa ndi matenda obwera ndi nkhupakupa. Amayamba patapita masiku 5 mpaka 7, nthawi zina 10. Amafanana kwambiri ndi malungo a udzudzu. Cimene cimathandiza kuwazindikira ndi nkhanambo yakuda ija. Ena amakhala nazo ziwiri kapena zitatu, ena amatuluka timadontho tofiira pa khungu. Nkhupakupa za galu zimabweretsanso matenda ofanana ndi amenewa, ndipo nthawi zina amakula kwambiri.

Makolo, mwana akatentha thupi pitani naye kucipatala tsiku lomwelo. Kumeneko akamuyeza magazi kuti aone ngati ali ndi malungo. Inu onetsani namwino kacilonda kaja, ndipo nenani kuti mwana amakhala pafupi ndi ng'ombe kapena agalu. Mankhwala a malungo sapha tizirombo ta nkhupakupa. Matendawa ali ndi mankhwala akeake, ndipo wodwala akawamwa amayamba kupeza bwino m'masiku ocepa. Wodwalayo sapatsira anzake matendawa. Mukhoza kudya naye ndi kugona naye cipinda cimodzi.

Mwana iwe, ukapeza nkhupakupa pa thupi lako, usaikande. Itana munthu wamkulu.

Wamkuluyo atenge kacitsulo kopanira. Agwire nkhupakupa kumutu, pafupi penipeni ndi khungu. Akoke pang'onopang'ono, molunjika, osapotoza. Ngati kacitsulo palibe, akute zala zake ndi pulasitiki kapena kansalu. Asafinye mimba yake. Asaiwoce ndi moto ikadali pa khungu, asaithirenso parafini kapena mafuta. Ikatuluka, atsuke pamalopo ndi madzi ndi sopo, asambenso m'manja.

Anthu ambiri amakonda kuphwanya nkhupakupa ndi zikhadabo. Zimenezi n'zoopsa, pakuti za m'mimba mwake zikhoza kulowa pa kabala ka pa cala kapena m'maso. Iponyeni pa moto, kapena m'kacitini ka parafini.

Madzulo alionse posamba, yang'anani ana kuseri kwa makutu, m'tsitsi, m'khwapa, m'ciuno ndi kuseri kwa mawondo. Dulani udzu wa pakhomo. Matani ming'alu ya khoma, ndipo sesani pogona galu. Galu asagone pa mphasa ya ana.

Ng'ombe zimasambitsidwa ndi mankhwala opha nkhupakupa, makamaka m'nyengo ya dzinja pamene zimaculuka. Iyi ndi nchito ya akuluakulu. Mankhwalawo ndi poizoni: sapakidwa pa munthu, ndipo sasungidwa m'botolo la zakumwa. Za mankhwala oyenera galu, funsani mlangizi wa ziweto, cifukwa ena a ng'ombe akhoza kupha kagalu.