Kupeza kutentha kwa mitheni popanda kukuyeza

Gasi wa m'ndowe za ng'ombe amene mabanja ena amaphikira amayaka chifukwa cha mpweya wotchedwa mitheni. Mpweyawu ndi wopangidwa ndi zinthu ziwiri zokha, kaboni ndi haidrojeni. Akatswiri a kemisitiri amafuna kudziwa kuchuluka kwa kutentha komwe kumatuluka kapena kulowa pamene ziwirizi zikuphatikizana n'kupanga mitheni. Nambala imeneyi amaitcha enthalupi ya kapangidwe. Vuto lake n'lakuti siyezeka mwachindunji. Kaboni ndi haidrojeni sizigwirana msanga, ndipo ukazikakamiza ndi moto waukulu zimatulutsa mipweya yosakanikirana, osati mitheni yekha.

Njira yolambalala vutoli inachokera kwa Germain Hess, yemwe anabadwira ku Geneva mu 1802 n'kukagwira ntchito ku St Petersburg. Mu 1840 iye anasonyeza kuti kutentha konse kwa kusintha kwa zinthu kumadalira poyambira ndi pothera basi, osati njira yodutsamo. Zili ngati kukwera phiri la Mulanje: kaya wadzera ku Likhubula kaya njira ina, ukafika pa Sapitwa uli pamtunda womwewo.

Ndiye m'malo mopanga mitheni, timaotcha zinthu, pakuti kuotcha n'kosavuta kuyeza. Chinthu chimaotchedwa m'chitini chotseka chomizidwa m'madzi, ndipo timaona mmene madziwo afundira. Zoyeza zitatu izi n'zodziwika bwino, pa madigiri 25:

```
(1) C + O2 → CO2              ΔH = −393.5 kJ
(2) H2 + ½O2 → H2O            ΔH = −285.8 kJ
(3) CH4 + 2O2 → CO2 + 2H2O    ΔH = −890.3 kJ
```

Mzere woyamba ndi kupsa kwa kaboni wa mtundu wa girafaiti, wachiwiri ndi kupsa kwa haidrojeni, wachitatu ndi kupsa kwa mitheni. Kachizindikiro kochotsera kakutanthauza kuti kutentha kwatuluka. Chimene tikufunafuna ndi ichi:

```
C + 2H2 → CH4    ΔH = ?
```

Malamulo ndi awiri okha. Ukachulukitsa mzere, uchulukitsenso nambala yake. Ukautembenuza kuti zothera zikhale zoyambira, nambala imakhala yomweyo koma chizindikiro chimasintha, chifukwa kutentha komwe kunatuluka popita kuyenera kulowanso pobwerera.

Tiyeni tione chimene chikufunika mbali iliyonse. Kaboni akufunika kumanzere kamodzi, ndipo mzere woyamba uli naye pomwepo, choncho sitiukhudza. Haidrojeni akufunika kumanzere kawiri, ndiye mzere wachiwiri tiuchulukitsa kawiri n'kupeza −571.6. Mitheni akufunika kumanja, koma mumzere wachitatu ali kumanzere, choncho tiutembenuza n'kukhala +890.3.

Tikaphatikiza mizere itatuyo, chilichonse chopezeka mofanana mbali zonse ziwiri chimafafanizika. Okosijeni achoka, CO2 achoka, madzinso achoka. Zotsala ndi kaboni, haidrojeni ndi mitheni, ndendende monga tinkafunira.

```
−393.5 − 571.6 + 890.3 = −74.8 kJ
```

Tanthauzo lake n'lakuti magalamu 12 a kaboni akagwirana ndi magalamu 4 a haidrojeni n'kupanga magalamu 16 a mitheni, pamatuluka makilojulu 74.8 a kutentha.

Poti masamuwa ndi ophweka, zolakwa zimabisala m'zinthu zooneka zazing'ono. Woiwala kusintha chizindikiro amapeza −1,755.4, nambala yaikulu kuposa ya kupsa kwa mitheni kwenikweniko, ndipo kukulako n'kokwanira kumuchenjeza. Woiwala kuchulukitsa haidrojeni amapeza +211.0, koma akayang'ana mizere yake aona kuti madzi ndi okosijeni zatsalira osafafanizika. N'chifukwa chake ndi bwino kuyamba waphatikiza zinthuzo usanaphatikize manambala.

Cholakwa chovuta kuchigwira ndi cha madzi. Manambala a pamwambawa ndi a madzi amadzimadzi. Haidrojeni akapsa n'kutulutsa nthunzi, nambala imakhala −241.8, chifukwa makilojulu 44 amatsalira mu nthunziyo mpaka itasanduka madzi. Munthu akatenga nambala ya nthunzi mumzere wachiwiri koma ya madzi mumzere wachitatu, yankho limakhala +13.2. Papepala zonse zimaoneka ngati zafafanizika bwinobwino, koma yankholo likunena kuti kupanga mitheni kumamwa kutentha, pamene zoona zake n'zakuti kumatulutsa. Madzi ndi nthunzi sizifafanizana, ndipo n'chifukwa chake mabuku amalemba (l) kapena (g) pambali pa H2O.

Njirayi ilinso ndi malire ake. Yankho lathu ndi laling'ono, koma latuluka pochotserana manambala akuluakulu. Kuphonya ndi gawo limodzi pa 100 poyeza kupsa kwa mitheni ndi makilojulu pafupifupi 9, ndipo pa 74.8 kuphonya koteroko kumaposa gawo limodzi pa 10. Choncho amene akuyeza kupsa ayenera kusamala kwambiri kuposa mmene yankho lomaliza likufunira, ndipo zoyeza zonse zitatu ziyenera kukhala za pa madigiri ofanana ndi mphamvu ya mpweya yofanana.