Foda ya kasitomala watsopano ichokere m'chikombole

M'maofesi ang'onoang'ono ambiri, kaya ndi osindikiza makadi aukwati, ojambula mapulani a nyumba kapena owerengera anthu ndalama, kasitomala watsopano akabwera, wogwira kompyuta amachita chimodzi mwa zinthu ziwiri. Amatsegula foda yopanda kanthu n'kumangoponyamo chilichonse chimene chabwera, kapena amakopera foda ya kasitomala amene anathana naye dzulo, n'kuisintha dzina, n'kuyamba kufufuta za m'katimo. Njira yachiwiriyi imaoneka yanzeru chifukwa mafoda ang'onoang'ono amakhala alimo kale, koma ndiyo yoopsa kwambiri. Pofufuta, china chimatsalira basi. Tsiku lina kotesheni imapita kwa kasitomala ili ndi dzina la munthu wina pamwamba, kapena mtengo wotsika umene munachitira mnzanu wa kutchalitchi umaonedwa ndi munthu amene munamutchulira mtengo wonse.

Woumba njerwa satenga njerwa ya dzulo kuti aumbirepo ya lero. Ali ndi chikombole, ndipo njerwa iliyonse imatuluka m'menemo. Mafoda nawonso amafuna chikombole chawo: foda imodzi yoyera, yokhala ndi mafoda onse amene ntchito imafuna, koma yopanda chinthu cha kasitomala aliyense. Simugwiramo ntchito. Mumangoikopera.

Tiyerekeze kaofesi ka anthu atatu kosindikiza zinthu, ndipo sukulu ina yabwera kufuna makalendala 500. Musanapange foda iliyonse, tsatirani kaye mmene ntchito yotereyi imayendera. Mumagwirizana mtengo. Aphunzitsi amatumiza zithunzi ndi chizindikiro cha sukulu, zambiri pa WhatsApp. Wojambula amakonza kalendalayo, n'kutumiza chitsanzo kuti ahedi aone. Ahedi amabweza kawiri kapena katatu, kenako amavomereza, ntchito imasindikizidwa, ndipo pomaliza pamabwera za malipiro. Chikombole chimangotsatira ulendo womwewu:

```
_CHIKOMBOLE
    01_Mgwirizano
    02_Zotilandira
    03_Ntchito
    04_Zokaonetsa
    05_Zovomerezeka
    06_Malipiro
    WERENGANI.txt
```

Manambala akutsogolowo si okongoletsa. Kompyuta imandanda mafoda motsatira afabeti, ndiye popanda manambala `Malipiro` ikanakhala pamwamba pa `Mgwirizano`, ngati kuti munthu amalipira asanamve mtengo. Ziro wa kutsogolo amathandiza mafoda akadzafika khumi, chifukwa mapulogalamu ena amaika 10 patsogolo pa 2. Kamzere koyambira dzina la chikombolecho kamachikweza pamwamba pa mndandanda mu Windows, kuti munthu asachisake.

Mwa mafoda asanu ndi imodziwa, awiri ndiwo amapulumutsa ofesi. Yoyamba ndi `02_Zotilandira`. Chilichonse chimene kasitomala watumiza chimalowa m'menemo mmene chabwerera, ndipo sichisinthidwa. Wojambula akafuna kudula chithunzi kapena kuchiwalitsa, amakopera ku `03_Ntchito` n'kukachitira kumeneko. Tsiku limene ahedi adzanene kuti, "Nambala ya foni mwalakwitsa ndinu," mumatsegula fodayo n'kuona zimene iwo eni anatumiza. Mkangano umathera pomwepo, kaya wolakwa ndi ndani.

Yachiwiri ndi `05_Zovomerezeka`. Umu mumalowa fayilo yokhayo imene kasitomala wavomereza, pamodzi ndi umboni wake, ngakhale utakhala chithunzi cha uthenga wonena kuti "zili bwino, sindikizani". Woyendetsa makina sakhudza foda ina iliyonse. Mukasakaniza zitsanzo ndi zovomerezeka mu foda imodzi, mumapeza mafayilo otchedwa `final`, `final2` ndi `final yeniyeni`, ndipo tsiku limene wojambula wapita kumaliro palibe amene angalumbire kuti yoyenera ndi iti. Makalendala 500 okhala ndi dzina la sukulu lolakwika sabwerera m'makina. Pepala ndi inki zapita.

Foda imodzi ndimakana kuti ilowe m'chikombole, ndipo ndi ija yotchedwa `Zina`. Aliyense wofulumira amaponya m'menemo, moti pakutha pa miyezi ingapo imalemera kuposa anzake onse. Chinthu chikasowa pokhala, ndiye kuti chikombole chikuperewera, ndipo ndi bwino vutolo lionekere kusiyana ndi kulibisa.

Kafayilo ka `WERENGANI.txt` ndi ka mizere yochepa chabe: foda iliyonse ndi ya chiyani, maina amalembedwa bwanji, ndi tsiku limene chikombolecho chinasinthidwa komaliza. Mwana wa sukulu wobwera kudzaphunzira ntchito amawerenga kameneko m'malo mofunsa tsiku lonse. Muthanso kuika mafomu opanda kanthu, monga kotesheni mu `01_Mgwirizano` ndi invoisi mu `06_Malipiro`. Apa pali kanzeru kakang'ono. Fomu ya Word isungeni ngati `.dotx`, ya Excel ngati `.xltx`. Fayilo yotere mukaidina kawiri imatsegula chikalata chatsopano, fomu yeniyeniyo n'kutsala yoyera.

Kukopera kwenikweniko n'kophweka. Dinani `_CHIKOMBOLE` kamodzi, kanikizani `Ctrl+C`, kenako `Ctrl+V` pamalo pomwepo. Windows ikupatsani foda yotchedwa `_CHIKOMBOLE - Copy`. Kanikizani `F2` n'kuipatsa dzina nthawi yomweyo, musanaitsegule n'komwe. Dzinalo likhale ndi kalembedwe kamodzi kosasintha, mwachitsanzo `2025-014_Sukulu_Kalendala`, kutanthauza chaka, nambala ya ntchito m'chakacho, kasitomala, ndi chimene akufuna. Nambala yomweyo ilembedwe pa kotesheni, pa invoisi ndi m'buku la maoda, kuti pepala lililonse lizikulozerani ku foda yake. Zizindikiro izi Windows imazikana m'dzina: `\ / : * ? " < > |`. N'chifukwa chake deti silingalembedwe ndi timizere topendekera. Pa mafayilo a mu `04_Zokaonetsa` yambani ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku, monga `2025-10-03`. Kalembedwe kameneka n'kovomerezeka padziko lonse pansi pa muyezo wa ISO 8601, ndipo ubwino wake ndi woti mafayilo amadzindanda okha kuyambira lakale kufika latsopano.

Ngozi yaikulu ili pa mausi. Mukakoka foda ndi mausi kupita nayo pamalo ena a disiki yomweyo, Windows siikopera, imaisamutsa. Munthu amaona foda yafika, amaisintha dzina, amayamba ntchito, osadziwa kuti watenga chikombole chenichenicho. Mawa mnzake akufuna kutsegula ntchito ina, chikombole palibe, ndiye amabwerera ku chizolowezi chija chokopera foda ya dzulo. Mukazindikira msanga, `Ctrl+Z` imabweza. Koma chabwino n'kungogwirizana kuti chikombole sichikokedwa ndi mausi.

Ngozi ina ndi yachete. Munthu amatsegula chikombole kuti aone, foni ikulira, ndipo posakhalitsa wasungiramo chithunzi cha kasitomala. Kuyambira tsiku limenelo ntchito iliyonse yatsopano imabadwa ndi chithunzi chimenecho. Kuti mudziwe, dinani chikombolecho ndi batani lakumanja, sankhani `Properties`, muone chiwerengero cha mafayilo ndi mafoda. Chathuchi chiyenera kusonyeza mafoda 6 ndi mafayilo 3, kutanthauza `WERENGANI.txt` ndi mafomu awiri aja. Mukaona 4, wina walowamo. Sunganinso kope lachiwiri lopanikizidwa ngati `.zip` pa fulashi, kuti chikaonongeka mungochitulutsanso.

Amene amatsegula ntchito zambiri pa sabata ndipo saopa kulemba malamulo angagwiritse ntchito `robocopy`, imene imabwera kale ndi Windows. Mu `Command Prompt` mumalemba motere:

```
robocopy "D:\Ntchito\_CHIKOMBOLE" "D:\Ntchito\2025-014_Sukulu_Kalendala" /E
```

Lamuloli limapanga foda yatsopanoyo ndi dzina lake lomwe, ndipo chikombole silichisuntha. Kachilembo ka `/E` ndiko kamauza kompyuta kuti itenge ndi mafoda opanda kanthu omwe. Mukakaiwala mudzapeza `WERENGANI.txt` yekhayekha, mafoda onse atatsala. Wina akakuuzani kuti muikepo `/MIR`, kanani. Imeneyo imafananiza mafoda awiriwo ndendende, kutanthauza kuti mukalakwitsa nambala n'kuloza ku ntchito yomwe ilipo kale, imafufuta zonse zimene m'chikombole mulibe, ndipo sizipita ku `Recycle Bin`.

Osunga zinthu pa Google Drive amakumana ndi chodabwitsa china: pa intaneti mungathe kukopera fayilo, koma foda yathunthu ilibe batani lokopera. Njira yake n'kuika pulogalamu ya Google Drive ya pa kompyuta, imene imaonetsa mafodawo ngati ali pa disiki yanu, n'kukopera monga mwa masiku onse.

Anthu akakonda nzeru imeneyi amayamba kuipitiriza muyezo. Amapanga foda m'kati mwa foda m'kati mwa inzake, iliyonse ndi dzina lalitali ngati chiganizo. Mapulogalamu ambiri a Windows amalephera njira yonse yofikira fayilo, kuyambira pa `D:\` mpaka dzina lake, ikamafika zilembo 260. Mudzadziwira pamene fayilo ikukana kukopereka kapena kutseguka, uthenga n'kunena kuti dzina latalika. Komanso foda yobisika pansi kwambiri anthu saitsegula; amangosungira pa `Desktop`. Kuzama kwa mafoda awiri kapena atatu n'kokwanira ofesi yaing'ono.

Chikombole choyamba sichikhala cholondola, ndipo chimakonzedwa poona ntchito zimene zatha. Tsegulani ntchito khumi zomalizidwa. Foda imene ili yopanda kanthu m'zonsezo ichotseni. Mukaona kuti anthu akupanga okha foda yofanana mobwerezabwereza, tinene ya mitundu ya zilembo imene wojambula anagwiritsa ntchito, ilowetseni mu `03_Ntchito` ya m'chikombole. Koma wosintha akhale munthu mmodzi yekha, ndipo alembe tsiku mu `WERENGANI.txt`, chifukwa aliyense akamasintha mwakufuna kwake mudzakhala ndi zikombole zitatu mu ofesi ya anthu atatu.

Ntchito zakale zisiyeni mmene zilili. Kusintha kukhudze zatsopano zokha. Mapulogalamu ena okonzera masamba, monga InDesign, saika chithunzi m'kati mwa fayilo; amangokumbukira kumene chili. Mukasamutsa zithunzi za kalendala ya chaka chatha kuti zifanane ndi chikombole chatsopano, sukulu ija ikadzabweranso mu Novembala kufuna ina, fayiloyo idzatseguka ikudandaula kuti zithunzi zasowa, ndipo mudzayamba mwazisaka musanasinthe deti ngakhale limodzi.