Mlonda wa mu swichi: momwe alendo a pa wayifayi amatsekerezedwera kutali ndi maseva a ndalama

Mlendo akafika pa hotela kapena pa ofesi, moni usanathe amakhala atafunsa kale pasiwedi ya wayifayi. Wolandira alendo amamulembera pa kapepala, foni imalumikizika, mauthenga a WhatsApp n'kuyamba kulowa. Chomwe awiriwa sachiona n'chakuti m'nyumba zambiri foni ya mlendoyo yalowa pa msewu umodzi ndi seva yosunga malipiro a antchito, maakaunti a kubanki ndi ngongole za makasitomala.

Zoti khomo laling'ono limatha kufikitsa munthu kuchipinda cha ndalama zinaoneka ku America mu 2013. Akuba analowa mu netiweki ya masitolo a Target pogwiritsa ntchito mapasiwedi a kampani ina yoona za makina oziziritsira, ndipo kuchokera pamenepo anafika mpaka pa makina olipirira. Manambala a makhadi pafupifupi 40 miliyoni anabedwa. Amene analowawo sanali alendo a pa wayifayi, koma bala lake ndi lomwelo: wolowera pa khomo lakumbali sanapeze chomuimitsa m'kati.

Tiyerekeze ndi loji ya m'mbali mwa nyanja yomwe ili ndi zipinda za alendo komanso ofesi ya zachuma. Zingwe zonse za netiweki zimakumana mu swichi, bokosi lokhala ndi mabowo ambiri olowetsamo zingwe, lomwe nthawi zambiri limakhala m'kabati yokhoma. Choyamba katswiri amagawa swichiyo m'zigawo zotchedwa VLAN. Maseva a ndalama amawaika mu VLAN 10, momwe maadiresi onse amayamba ndi 192.168.10, ndipo alendo amawaika mu VLAN 30, momwe amayamba ndi 192.168.30.

Apa m'pamene ambiri amapumira poganiza kuti ntchito yatha. Koma swichi zikuluzikulu zimagwiranso ntchito ya rauta, kutanthauza kuti zimaolotsa uthenga kuchoka m'chigawo china kupita china. Ntchito yoolotsayi ikayatsidwa, swichi siifunsa kuti wodutsayo ndani. Mpanda ulipo, koma geti lake lili pululu.

Pa geti limeneli ndi pomwe pamaikidwa ACL, mndandanda wa malamulo omwe swichi imawerenga isanalole uthenga kudutsa. Uthenga uliwonse umayenda m'timapaketi, ndipo paketi iliyonse imanyamula adiresi ya komwe yachokera ndi ya komwe ikupita. Swichi imayerekeza maadiresiwa ndi mndandandawo, monga mlonda woyang'ana m'kaundula. Pa swichi ya Cisco, katswiri wa pa loji ija angalembe motere:

```
ip access-list extended ALENDO
 deny ip any 192.168.10.0 0.0.0.255
 permit udp any any eq bootps
 permit ip 192.168.30.0 0.0.0.255 any
interface Vlan30
 ip access-group ALENDO in
```

Lamulo loyamba likukaniza paketi iliyonse yopita ku adiresi yoyamba ndi 192.168.10. Manambala akuti `0.0.0.255` akuuza swichi kuti manambala atatu oyamba afanane ndendende, koma lachinayi likhale lililonse, choncho seva ya malipiro pa 192.168.10.5 ndi ya maakaunti pa 192.168.10.6 zonse zatetezeka ndi mzere umodzi. Lachiwiri likulola foni yomwe yangofika kumene kupempha adiresi, popeza pa nthawiyo imakhala ilibe yakeyake. Lachitatu likulola alendo kupita kwina kulikonse, makamaka pa intaneti. Mizere iwiri yomalizayo ndiyo imaimika mlonda pa geti la alendo.

Mlonda ameneyu ali ndi khalidwe limodzi lofunika kulidziwa bwino. Amawerenga kuchokera pamwamba kutsika m'munsi, ndipo akangopeza lamulo logwirizana ndi paketiyo amalitsata osawerenganso ena. Katswiri akalakwitsa n'kuika lamulo lachitatu pamwamba, paketi ya mlendo yopita ku seva ya malipiro imaloledwa pa mzere woyamba, ndipo lamulo lokaniza lija silifikidwa n'komwe. Swichi siidandaula, alendo akusangalala ndi intaneti, ndipo palibe chomwe chimaonetsa kuti geti ndi lotsegula.

Khalidwe lachiwiri ndi losiyana ndi limeneli. Kumapeto kwa mndandanda uliwonse kuli lamulo losaoneka lokaniza chilichonse chomwe sichinatchulidwe. Wolemba mzere wokaniza wokhawokha, n'kuiwala mizere yolola, amadula alendo onse pa intaneti. Vuto limeneli silichedwa kudziwika, chifukwa foni ya pa risepushoni imayamba kulira nthawi yomweyo. Woiwala mzere wachiwiri wokha amaona zodabwitsa: alendo omwe analumikizika kale akupitiriza bwinobwino, koma ofika kumene foni zawo zikungozungulira osalandira adiresi.

Kamawu kakuti `in` nakonso kamagwetsa ambiri. Kamawerengedwa kuchokera kumbali ya swichi, ndipo kamatanthauza mapaketi olowa mu swichi kuchoka kwa alendo. Munthu akalemba `out` poganiza za alendo otuluka, mlonda amatembenuka n'kumayang'ana mapaketi opita kwa alendo. Pa mapaketi amenewo palibe yomwe ikupita ku 192.168.10, choncho lamulo lokaniza siligwira kanthu, pamene lamulo losaoneka lija limatsekereza mayankho ochokera pa intaneti.

N'chifukwa chake katswiri wodziwa ntchito sakhulupirira zomwe walemba asanayese. Amatenga laputopu, n'kukakhala pomwe alendo amakhala, n'kulumikiza pa wayifayi yawo. Amalemba `ping 192.168.10.5`, ndipo seva siyenera kuyankha. Amayesanso kutsegula pulogalamu ya maakaunti, chifukwa seva zina siziyankha `ping` ngakhale njira ili yotsegula. Kenako amatsegula tsamba la pa intaneti kuti aone kuti alendo sanalangidwe. Akabwerera pa swichi amalemba `show access-lists` kuti aone malamulo m'ndondomeko yake, ndipo pomaliza amasunga zonse ndi `copy running-config startup-config`. Kuno komwe magetsi amathimathima, sitepe yomalizayi siyoiwala: malamulo osasungidwa amafufutika swichi ikazima, ndipo ikayakanso imagwira ntchito popanda mlonda.

Mlondayu alinso ndi malire. Amaona mapaketi okhawo owoloka pa geti lake. Ngati bowo la chingwe la pakhoma m'chipinda chamisonkhano linasiyidwa mu VLAN 10, mlendo wolowetsapo laputopu ali kale m'chigawo cha ndalama, ndipo mndandanda wa pa VLAN 30 sumuona. Chimodzimodzinso seva yatsopano ikaikidwa pa maadiresi oyamba ndi 192.168.20: lamulo lachitatu limalola alendo kuifikira mpaka wina atawonjezera mzere. Pofuna kupewa zimenezi, akatswiri ambiri amakaniza alendo kufika ku maadiresi onse a m'kati, 192.168.0.0 yonse pamodzi ndi 10.0.0.0 ndi 172.16.0.0, n'kusiya njira ya pa intaneti yokha. Komwe kwayatsidwa maadiresi a mtundu watsopano wa IPv6, pamafunika mndandanda wina wapadera, chifukwa uwu suwakhudza. Ndipo kompyuta ya wantchito wa mu ofesi ya zachuma ikagwidwa ndi vayirasi, mlonda wa pa geti la alendo sangathandizepo.

Mwini loji kapena mkulu wa ofesi safunika kudziwa kulemba mizere imeneyi. Angathe kungoitana katswiri wake, kumupatsa laputopu yolumikizidwa pa wayifayi ya alendo, n'kumupempha kuti ayese kufika pa seva ya malipiro iye akuona. Mayeso amenewa satha mphindi khumi, ndipo ayenera kubwerezedwa nthawi iliyonse pamene seva yatsopano yaikidwa kapena swichi yasinthidwa.