Kalata njabwino, nanga lamyayo akunena chiyani?

Tiyerekeze kuti bambo wina wasunga katundu mu golosale yaikulu ku Limbe zaka 6. Tsiku lowerengera katundu kwapezeka kuti matumba 20 a shuga palibe, ndipo bamboyu wachotsedwa ntchito. Kupolisi nkhaniyi sinafike. Kuyambira pamenepo walemba makalata ofunsira ntchito m'malo anayi, paliponse amamuitana ku intavyu n'kumulandira bwino, koma akangotchula komwe ankagwira kale, kumangoti zii. Kodi bwana wakaleyo akuwauza chiyani anthuwa, ndipo lamulo likumulola kunena ziti?

Tiyambe ndi pepala. Gawo 31 la lamulo la zolemba ntchito la m'chaka cha 2000 likuti wantchito akapempha, bwana ayenera kumupatsa satifiketi yosonyeza kuti ntchito yatha. Mmenemo mumalembedwa dzina ndi keyala ya wolemba ntchito, mtundu wa bizinesi yake, nthawi yomwe munthuyo wagwira, udindo womwe anali nawo, ndi malipiro omwe amalandira pa tsiku losiya. Chifukwa chomwe ntchito yathera chimalowamo pokhapokha mwiniwake wapempha, chimodzimodzinso ndemanga ya momwe ankagwirira ntchito. Ambiri sadziwa zimenezi, ndiye amalandira kalata yolembedwa kuti "anachotsedwa chifukwa cha kusakhulupirika" n'kumaiyendetsa okha m'maofesi. Bambo wa shugayu ali ndi ufulu woibweza kalata yotereyi n'kupempha ina yopanda mawuwo.

Vuto lenileni lili pa lamya. Wofuna kulemba munthu ntchito amaimbira bwana wakale, ndipo palibe choletsa bwanayo kuyankha. Akhoza kunena zoona, ngakhale zowawa: kuti katundu anasowa, kuti panali bwalo lomva mbali ya wantchitoyo, kuti mapeto ake anachotsedwa. Lamulo la kuipitsa mbiri limamutetezanso ngakhale walakwitsa penapake, malinga ankakhulupiriradi zomwe amanenazo ndipo amauza munthu woyenera kuzimva. Chitetezochi chimatha akalankhula mwa kaduka, kapena akanena chinthu akudziwa kuti n'chabodza, kapenanso asakulabadira n'komwe ngati chili choona.

Apa mawu amodzi okha amasintha zonse. "Tinamuchotsa shuga atasowa m'sitolo yomwe ankayang'anira" ndi zomwe zinachitikadi. "Ndi mbava" ndi chigamulo, ndipo bwana wonena choncho ayenera kukhala ndi umboni woti munthuyo anabadi. Makiyi a sitoloyo mwina ankagwira anthu atatu. Ku Britain, pa mlandu wa Spring ndi kampani ya inshuwalansi ya Guardian Assurance m'chaka cha 1994, khothi lalikulu kwambiri m'dzikolo linagamula kuti bwana yemwe walemba ndemanga yowononga popanda kufufuza mosamala akhoza kulipitsidwa, ngakhale analibe kaduka. Makhothi a kuno amatha kumvako zigamulo za ku Britain ngati uphungu.

Choipitsitsa, m'kuona kwanga, ndi kaundula wachinsinsi, pomwe mabwana amapatsirana maina a anthu oti asalembedwe. Ndemanga munthu akhoza kuitsutsa, koma kaundula sadziwa n'komwe kuti alimo. M'chaka cha 2009 akuluakulu oteteza zinsinsi za anthu ku Britain anakafufuza ku ofesi ya bungwe la Consulting Association, ndipo anapeza maina a anthu oposa 3,200, ambiri a iwo ogwira ntchito za zomangamanga. Makampani oposa 40 ankalipira kuti aziona mainawo. Ambiri analembedwamo chifukwa chokhala m'mabungwe a apantchito kapena kudandaula za ngozi pa ntchito, ndipo ena anakhala zaka osalembedwa kulikonse. Dzikolo linakhazikitsa malamulo oletsa makaundula otere m'chaka cha 2010. Kuno kwathu kaundulayo akhoza kungokhala gulu la WhatsApp la mamanejala, koma wolembamo zabodza ali ndi mlandu womwewo wa kuipitsa mbiri, ndipo uthenga wolembedwa ndi umboni wolimba kuposa mawu a pa lamya.

Bambo wathu uja afunse mwaulemu mmodzi mwa omwe anamukana kuti anauzidwa chiyani, ndi ndani, tsiku liti, ndipo azilembe. Popanda mboni yotere, mlandu wa kuipitsa mbiri suyenda. Ngati akuona kuti kuchotsedwa kwakeko kunali kopanda chilungamo, mwachitsanzo sanapatsidwe mpata woyankhapo monga likunenera gawo 57, imeneyo ndi nkhani ina ndipo ili ndi nthawi yake. Gawo 62 likumupatsa miyezi 3 kuchokera tsiku lomwe anachotsedwa kuti akadandaule kwa mkulu wa leba wa m'boma lake. Zikakanika kumeneko, nkhani imapita ku khothi la za ntchito, komwe bwana ndiye amayenera kupereka chifukwa chomwe anamuchotsera.